Kuyambanso Kuyenda ndi Kukwera Masitepe Mukaikidwa Bondo Lachitsulo

Bondo loikidwa pa opaleshoni limakhala lolimba kuyambira tsiku loyamba. Dokotala wa mafupa amapala nsonga za mafupa zomwe zinaperepeseka, n'kuvekapo zitsulo ziwiri, china kunsi kwa fupa la ntchafu, china pamwamba pa fupa la msongolo, ndipo pakati pake amaikapo pulasitiki yolimba. Kawirikawiri zitsulozi zimamatidwa ndi simenti ya mafupa yomwe imauma mukadali ku fiyeta. N'chifukwa chake a fizo amakuimiritsani tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, n'kukuuzani kuti mupondere mwendowo mmene mungathere. Ngati dokotala wanu wanena kuti musaupondere kwathunthu, pali chifukwa chimene anaona mkatimo, ndipo mawu ake ndi amene muyenera kutsata.

Chimene chimafooka ndi mnofu waukulu wa kutsogolo kwa ntchafu, womwe umawongola bondo ndi kuligwira kuti lisagwade lokha. M'mwezi woyamba mnofuwu umatha kutaya mphamvu zoposa theka, makamaka chifukwa kutupa ndi ululu zimaulepheretsa kukungika bwino. Kuyenda, kusiya ndodo, kukwera ndi kutsika masitepe, zonsezi zimadikira mnofu umenewu. Choncho masabata amene tatchula m'munsimu ndi ongokuthandizani kudziwa pomwe ambiri amakhala atafika. Chokuuzani kuti mupite patsogolo ndi zimene mwendo ukutha kuchita.

Kudzuka ndi kuyenda ndi felemu

Musadzuke nokha ulendo woyamba. Mankhwala ochititsa dzanzi amatha kukhala asanathe m'mwendo, ndipo magazi amene munataya amachititsa chizungulire. Khalani kaye m'mphepete mwa bedi mphindi imodzi kapena ziwiri, mapazi ali pansi. Mutu ukakhala bwino, sendezani mwendo wa opaleshoni patsogolo pang'ono, kankhani ndi manja pabedi kapena pa mikono ya mpando, ndipo mugwire felemu, chitsulo cha miyendo inayi chotsamira poyenda, mutaima kale. Musadzikoke ndi felemu poimirira, chifukwa imapendekera kwa inu n'kukugwetsani chagada.

Zogwirira za felemu kapena za ndodo zikhale pamzere wa pamfundo ya dzanja, pomwe pamakhala wotchi, mutaima mowongoka manja ali lende. Mukazigwira, chigongono chipindike pang'ono chabe. Zikatalika mapewa amakwera n'kuyamba kuwawa, zikafupika mumayenda chowerama.

Kayendedwe kake ndi aka:

1. Ikani felemu patsogolo, mtunda wa phazi limodzi, miyendo yake yonse inayi ikhale pansi.
2. Ponyani mwendo wa opaleshoni mpaka pakati pa felemu, chidendene chiyambe kugunda pansi.
3. Tsamirani m'manja mmene mukufunira, kenako bweretsani mwendo wabwino.

Ndi ndodo ziwiri dongosolo ndi lomwelo: ndodo zonse ziwiri, mwendo wa opaleshoni, mwendo wabwino. Potembenuka nyamulani mapazi n'kuzungulira ndi timapazi tating'onoting'ono. Musapotokole thupi phazi litakhazikika pansi.

Samalani kwambiri za chidendene. Munthu amene wakhala zaka zambiri ndi nyamakazi ya bondo anazolowera kuponda ndi bondo lopindika, phazi lonse n'kugwa pansi nthawi imodzi, ndiponso kufulumira kuchoka pa mwendo wowawawo. Chizolowezichi sichichoka ndi opaleshoni. Muyenera kuchichotsa mwadala: chidendene pansi bondo lili chiwongokere, thupi lidutse pamwamba pa phazi, zala zikankhe, ndiyeno bondo lipindike pamene mwendo ukubwera kutsogolo. Mapazi onse awiri aziponyedwa mtunda wofanana. Kuyenda mamita 20 mwa njira imeneyi kumapindulitsa kuposa kuyenda mamita 200 mukutsimphina.

Kunyumba: kuyenda kochuluka bwanji

Musanatuluke m'chipatala muyenera kutha kudzuka pabedi, kupita kuchimbudzi ndi felemu kapena ndodo, ndipo ngati kwanu kuli masitepe, a fizo akuyeseni pa masitepe gadiyani wanu akuona. Pemphani zimenezi ngati sanazitchule.

Abale akonzeretu nyumba. Achotse mikeka, timakapeti ndi mawaya pansi, ndipo aleke kaye kupaka polishi. Mpando wanu ukhale wolimba, wa mikono, wautali moti mukakhala matako asatsike kuposa mawondo. Sofa yofewa yomira imavuta kudzukapo. Ngati chimbudzi ndi chonjuta, kalipentala akhome mpando wolimba wobowola pakati woika pamwamba pa dzenje, chifukwa kunjuta sikutheka m'miyezi yoyambayi, ndipo ambiri sadzanjutanso mpaka pansi ngakhale atachira bwino. Posamba khalani pampando. Valani nsapato zogwira chidendene, patapata ayi. Usiku tochi ikhale pafupi ndi bedi, popeza anthu ambiri amagwa popita kukataya madzi mumdima ali ndi tulo ndiponso mankhwala opha ululu m'thupi.

M'masabata 2 oyamba yendani pang'ono koma pafupipafupi: mphindi 5 mpaka 10, katatu kapena kanayi pa tsiku, ndipo masana musakhale malo amodzi kupitirira ola limodzi kapena awiri osaimirirako. Mukatha kuyenda gonani chagada, mwendo uli chiwongokere pa mapilo, phazi litakwera kuposa chifuwa, ndipo ikani ayisi wokulunga m'kathaulo kwa mphindi 15 mpaka 20. Ayisi asakhudze khungu mwachindunji, chifukwa mbali ina ya bondo imakhala ya dzanzi ndipo mukhoza kupsa osamva. Magetsi akazima kapena ngati mulibe firiji, nsalu yonyowetsa m'madzi ozizira imathandizako, bola bandeji ya pabala isanyowe.

Mudziwa bwanji kuti mwapyola muyezo? Yankho limabwera m'mawa mwake. Tengani tepi ya telala, yezani kuzungulira bondo podutsa pakati pa kafupa ka kutsogolo kwa bondo, nthawi yomweyomweyo m'mawa uliwonse, n'kulemba m'kope. Bondo likadzuka lofanana ndi dzulo kapena lophwerako, onjezerani mphindi 2 kapena 3 pa ulendo uliwonse. Likadzuka lotupirapo, lolimba, lokana kupindika kufika pomwe linafika dzulo, chepetsani kuyenda ndi theka kwa tsiku limodzi kapena awiri, koma musasiye mafizo. Anthu amphamvu ndi olimbikira ndi amene amalakwa kwambiri apa. Amayenda mtunda wautali sabata yachiwiri, bondo n'kutupa, kutupako n'kufooketsa mnofu wa ntchafu, ndipo sabata yachitatu imawapeza ali m'mbuyo.

Imwani mankhwala opha ululu monga anakulemberani, ndipo konzani kuti mafizo azichitika patatha mphindi 30 mpaka 45 mutamwa. Kupirira ululu osamwa mankhwala kumachititsa kuti musapinde bondo mokwanira. Musaonjezere nokha burufeni kapena dayikolofenaki ngati mukumwa mankhwala oletsa magazi kuundana, kapena muli ndi vuto la impso, zilonda za m'mimba, kapena kuthamanga kwa magazi.

Kuwongola ndi kupinda

A fizo amayeza bondo m'madigiri. Bondo lowongoka kwathunthu ndi 0. Mukakhala pampando phazi lili pansi pa bondo penipeni, ndi 90. Kuyenda pamalo athyathyathya kumafuna madigiri pafupifupi 65, kukwera masitepe pafupifupi 85, ndipo kutsika masitepe ndi kudzuka pampando bwinobwino kumafuna 90 mpaka 100 kapena kuposerapo. Cholinga cha ambiri ndi kufika 90 pofika kumapeto kwa sabata yachiwiri, ndi 110 mpaka 120 pakati pa masabata 6 ndi 12. Amene bondo lawo linali louma kale opaleshoni isanachitike amafika mochedwa, ndipo ena safika 120.

Aliyense amadera nkhawa kupinda, koma kuwongola ndiko kofunika kuyamba nako. Bondo lotsala madigiri 10 kuti liwongoke limachititsa mnofu wa ntchafu kugwira ntchito nthawi yonse imene mwaima, choncho mumatopa msanga ndipo mumatsimphina. Chimene chimaliwononga ndi pilo woika kunsi kwa bondo pogona. Amamveka bwino kwambiri, n'chifukwa chake achibale achifundo amamuika, koma bondo limazolowera kukhala lopindika. Pilo aikidwe kunsi kwa katumba ndi chidendene.

Mafizo anayi awa ndiwo maziko. Chitani lililonse ka 10, katatu pa tsiku.

Loyamba, gonani chagada, mwendo uli chiwongokere, kokerani zala za phazi kwa inu, n'kukanikiza kuseri kwa bondo pabedi mpaka mnofu wa ntchafu ukungike. Gwirani masekondi 5. Ikani dzanja pamwamba pa bondo kuti mumve ngati mnofuwo ukugwiradi, chifukwa ambiri amangofinya matako.

Lachiwiri, mutakunga mnofu choncho, kwezani mwendo wonse masentimita 20 mpaka 30 kuchoka pabedi, n'kuutsitsa pang'onopang'ono. Yang'anitsitsani bondo. Ngati likuyamba lapindika kaye chidendene chisananyamuke, mnofu sunakwanebe kugwira bondo, ndipo chimenechi ndi chizindikiro choti nthawi yosiya ndodo sinakwane.

Lachitatu, khalani pampando, phazi pa kansalu pansi poterera, likokereni kumbuyo mpaka mumve kukoka kutsogolo kwa bondo. Gwirani masekondi 10. Mwendo wabwino ukhoza kuthandiza poukankha chakutsogolo kwa kakolo. Ikani chizindikiro pansi pomwe zala zafika kuti muziona kusintha sabata ndi sabata.

Lachinayi, ikani chidendene pa thaulo lokulunga kapena pa mpando wina, kunsi kwa bondo kulibe chilichonse, n'kulisiya lilendewere mphindi 5 mpaka 10. Limawawa kuseri kwa bondo, ndipo ndi limene anthu amakonda kulidumpha. Ili lokha silifuna kubwereza ka 10, kamodzi pa nthawi iliyonse ya mafizo n'kokwanira.

Pakati pa zonsezi muzigwedeza mapazi m'mwamba ndi pansi ka 20 ola lililonse muli maso, kuti magazi aziyenda m'katumba.

Kusiya felemu ndi ndodo

Ambiri amachoka pa felemu kupita pa ndodo ziwiri m'sabata yoyamba kapena yachiwiri, pa ndodo imodzi pakati pa masabata 2 ndi 4, ndipo amayenda opanda kanthu m'nyumba pofika masabata 6. Okalamba kwambiri, ndi amene bondo linalo nalonso lili ndi nyamakazi, amatenga nthawi yoposerapo.

Ndodo imodzi imagwiridwa ku dzanja la mbali yabwino. Ngati opaleshoni inali ya bondo lamanja, ndodo ikhale kumanzere, ndipo iziyenda limodzi ndi mwendo wamanja. Mukaigwira mbali ya opaleshoni thupi limapendekera komweko, katundu n'kuchuluka pa bondo lomwe mukufuna kulipepuza.

Musanasiye ndodo yomalizayo yesani zinthu zitatu. Kwezani mwendo chiwongokere ka 10 bondo osagwa. Imani ndi mwendo wa opaleshoni wokha masekondi 10 mutangokhudza tebulo ndi zala. Yendani m'chipinda wina akuonerani kumbuyo, aone ngati mapewa akupendekera mbali imodzi. Zonse zikatheka, siyani ndodo m'nyumba, koma pitirizani kuitenga panja kwa masabata ena angapo: kumsika, kutchalitchi kapena kumzikiti, m'njira za miyala, ndi nthawi ya mvula pamene dothi likuterera. Onaninso mphira wa kunsi kwa ndodo. Ukaperepeseka mpaka chitsulo kuonekera, ndodoyo imatsetsereka pasimenti.

Masitepe

Poyamba masitepe amakweredwa imodziimodzi, mapazi onse awiri akukumana pa sitepe iliyonse. Lamulo lake ndi loti pokwera utsogole mwendo wabwino, potsika utsogole wa opaleshoni, ndipo ndodo isasiyane ndi mwendo wa opaleshoni.

Pokwera, gwirani chogwirira ndi dzanja limodzi, ndodo ku dzanja linalo. Ikani phazi lonse la mwendo wabwino pa sitepe yapamwamba. Kankhani ndi mwendo umenewo ndi manja, n'kukweza mwendo wa opaleshoni pamodzi ndi ndodo kufika pa sitepe yomweyo.

Potsika, fikani m'mphepete mwa sitepe. Tsitsani ndodo kaye pa sitepe ya m'munsi, kenako mwendo wa opaleshoni, pomaliza mwendo wabwino.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva, ndipo mukachimvetsa simudzasokonezanso. Mwendo umene uli pa sitepe yapamwamba ndi umene umagwira ntchito yolemetsa: pokwera ndiwo umanyamula thupi, potsika ndiwo umapindika n'kumalitsitsa pang'onopang'ono. Choncho wabwinowo uzikhala pamwamba nthawi zonse. Wothandiza aime chakumunsi kwanu, kumbuyo pokwera, kutsogolo potsika, atagwira lamba kapena chitenje chomanga m'chiuno mwanu. Asakukokeni mkono, chifukwa mkonowo ndi umene mukutsamira. Felemu si yokwerera masitepe ambiri. Imagwira ntchito pa sitepe imodzi yotakata, monga ya pakhomo, pomwe miyendo yake inayi ingakhale yonse pamwamba.

Kukwera mosinthanitsa mapazi, sitepe iyi phazi ili, inayo linalo, kumabwera pakati pa masabata 6 ndi 12 kwa ambiri. Kukwera kumayamba kutheka, kutsika kumachedwa, nthawi zina ndi mwezi wathunthu kapena kuposa. Musadabwe nazo. Potsika bondo limasenza mphamvu yoposa katatu kulemera kwa thupi, lili lopindika kwambiri, mnofu wa ntchafu ukugwira ntchito ngati buleki ya njinga pamtsetse.

Tiyerekeze mayi wa zaka 66 amene anaikidwa bondo lamanja. Pakhonde pawo pali masitepe atatu opanda chogwirira, ndipo monga zimakhalira m'nyumba zambiri, sali ofanana: awiri ndi a masentimita 17, yapansi ndi ya 22 chifukwa madzi a mvula anakokolola dothi. Asanatuluke m'chipatala, ana awo athire dothi ndi njerwa pansipo kuti sitepeyo ifanane ndi anzake, ndipo akhome chogwirira cha paipi kapena mtengo wolimba. Kufikira chogwiriracho chitakhomedwa, mayiwa akwera ndi ndodo ziwiri, mwendo wamanzere patsogolo pokwera, ndodo zonse ndi mwendo wamanja patsogolo potsika, kamodzi kapena kawiri pa tsiku basi.

Pa sabata ya 4 bondo lawo likupindika madigiri 100, likuwongoka mpaka 0, ndipo akukweza mwendo osagwa bondo. Apa ayambe kuphunzitsa mwendo wamanja kutsogolera. Apeze thabwa lolimba lotakata, losagwedera, lokwera masentimita 5 mpaka 10, aliike pafupi ndi tebulo lolemera. Aike phazi lamanja pathabwa, akwere ndi mphamvu ya mwendo umenewo osadzikankha ndi zala za kumanzere, atsike chambuyo ndi phazi lamanzere. Achite ka 10, kawiri pa tsiku. Akatha kuchita maulendo atatu a ka 10 popanda kudzikoka ndi manja ndiponso bondo osatupa m'mawa mwake, akweze thabwalo kufika masentimita 15, kenako apite pa sitepe yeniyeni.

Kutsika akuphunzire pa thabwa lomwelo, kuyambiranso pa masentimita 5. Aime pathabwa ndi mapazi onse, atsitse phazi lamanzere kutsogolo pang'onopang'ono, akuwerenga mpaka 3, chidendene chikhudze pansi mosagunda, n'kubwerera. Wowaonerera ayang'ane zinthu zitatu. Bondo lamanja likamalowa mkati kulunjika ku bondo linzake, minofu ya m'chiuno ndi yofooka. Akamagwera pansi ndi phokoso m'malo motsika mofatsa, mnofu wa ntchafu sunakwane ndipo thabwa latalika. Akamatembenuka chammbali kapena kunyamula chiuno kuti phazi lidutse, vuto ndi kupinda, ndiye abwerere ku fizo ya pampando ija. Mayi wotere akhoza kumakwera khonde lawo mosinthanitsa pa sabata ya 7 kapena ya 8, n'kumatsikabe imodziimodzi mpaka sabata ya 11 kapena ya 12, ndipo zimenezo zili m'malo mwake. Akatopa, kapena atanyamula kanthu, abwerere ku imodziimodzi popanda manyazi.

Sitepe ya minibasi ndi yaitali kuposa ya m'nyumba ndipo mipando yake imapanikiza mawondo. M'masabata 6 oyamba ndi bwino kukwera galimoto yaing'ono, mpando wakutsogolo utakankhidwira kumbuyo: khalani kaye chambuyo, kenako lowetsani miyendo. Kabaza dikirani nayo. Kuyendetsa galimoto ambiri amaloledwa pa masabata pafupifupi 6, ngati asiya mankhwala ogonetsa ndipo akutha kuponda buleki mwadzidzidzi ndi mphamvu.

Zimene zimaopsa koma n'zachibadwa

Bondo limakhala lotupa ndi lofunda kuposa linzake kwa miyezi 3 mpaka 6, kwa ena mpaka chaka. Mikwingwirima imatsikira ku msongolo ndi kukakolo m'masabata oyamba. Khungu la kunja kwa chipsera limachita dzanzi chifukwa kamtsempha kakang'ono ka pakhungu kamadulidwa potsegula bondo, ndipo dzanzilo limachepa koma silitheratu kwa ena. Kulira kwa "ke-ke" poyenda ndi chitsulo chikugunda pulasitiki, ndipo ngati sikupweteka kulibe vuto. Tulo timavuta kwa masabata angapo chifukwa bondo limawawa usiku. Zonsezi zimasintha pang'onopang'ono molowera kwabwino. Chimene chiyenera kukudzidzimutsani ndi chinthu chobwera mwadzidzidzi, kapena chomwe chikukula tsiku ndi tsiku pamene chinali chitayamba kuchepa.

Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo

Kubanika mwadzidzidzi, kupweteka pachifuwa pokoka mpweya, mtima kuthamanga, kutsokomola magazi kapena kukomoka kungatanthauze kuti magazi oundana achoka m'mwendo n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Izi zimapha, ndipo sizidikira kuti kuche. Pitani kuchipatala chapafupi, n'kunena pofika pomwe kuti munachitidwa opaleshoni ya bondo tsiku lakuti.

Chimodzimodzi ngati mwagwa n'kulephera kupondera mwendo, kapena mwendo waoneka wokhota, chifukwa fupa limatha kuthyoka m'mphepete mwa chitsulo. Ngati munamva kuduka kutsogolo kwa bondo ndipo mwendo womwe mumaukweza dzulo lero sukukwezeka, mtsempha wowongola bondo ukhoza kukhala utaduka, ndipo umasokeka bwino ukafulumiriridwa. Bala kutseguka, phazi kuzizira n'kusintha mtundu, ndi chimbudzi chakuda bii kapena kusanza magazi pamene mukumwa asipirini kapena mankhwala ena oletsa magazi kuundana, zonsezi n'za tsiku lomwelo, ola lomwelo.

Onanani ndi dokotala lero lomwe

Katumba akatupa, kulimba, kutentha ndi kupweteka pomugwira, ndipo kutupako sikuphwa ngakhale mwagona usiku wonse mwendo uli m'mwamba, magazi akhoza kukhala ataundana m'mtsempha. Musamusisite kapena kumuthowa. Chofunika ndi sikani. Mankhwala oteteza vutoli, kaya mapiritsi kaya jakisoni wa pamimba, amaperekedwa kwa masiku 14 kapena kuposerapo malinga ndi dokotala, ndipo amalizeni ngakhale mukuyenda bwino. Opaleshoniyi yakhala ikuchitika ku Malawi konkuno, koma ena amakachitira ku India kapena ku South Africa. Ngati ndi choncho, tsiku lokwera ndege likhazikitsidwe ndi dokotala wanu, chifukwa kukhala maola ambiri mwendo uli lende kumaonjezera ngozi ya kuundana kwa magazi. Bwererani ndi kalata yofotokoza opaleshoniyo, mtundu wa zitsulo, zithunzi za ekiselo, ndipo mudziwiretu dokotala wa mafupa amene adzakuoneni kuno.

Matenda olowa m'bondo ndi osowa, amagwira pafupifupi munthu mmodzi kapena awiri pa 100, koma ndiwo amawononga bondo latsopano. Zizindikiro zake ndi bala lomwe likutulukabe madzi patatha masiku 5 kapena layambiranso kutuluka litauma, mafinya, fungo, kufiira kapena kuderako kwa khungu komwe kukufalikira, kutentha thupi kufika madigiri 38, kunjenjemera, ndi ululu womwe ukukula mpaka kulephera kupondera mwendo. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, choncho dalirani kutentha, kunyezimira kwa khungu ndi kupweteka pokhudza. Thupi likatentha yezetsani malungo, koma musalekere pomwepo: bondo lionedwenso, makamaka ngati malungo sanapezeke.

Pano pali cholakwa chimodzi chomwe tikuchonderera kuti musachite. Musagule amokisilini kapena maantibayotiki ena ku famase n'kuyamba kumwa dokotala wa mafupa asanaone bondo. Tizilombo timamatirira pachitsulo pomwe mapiritsi safika bwino, ndiye mankhwalawo amangophimba zizindikiro, ndipo dokotala akadzatenga madzi a m'bondo kuti ayeze, tizilomboto timatha kusapezeka. Vutoli likapezeka msanga, m'masabata oyambirira, bondo limatha kutsukidwa zitsulo n'kusiyidwa momwemo. Likachedwa, pamafunika kuchotsa zonse n'kudzaikanso zina. Pa chifukwa chomwechi musalole kutemedwa mphini, kupakidwa zitsamba pabala, kapena kubayidwa jakisoni m'bondomo ndi wina aliyense kupatula dokotala wa mafupa. Amene ali ndi matenda a shuga ayeze shuga pafupipafupi, chifukwa akakwera bala limachedwa kupola.

Phazi likamakwakwaza pansi poyenda, zala zikukana kudzuka, pamwamba pa phazi pali dzanzi, mtsempha wodutsa kunja kwa bondo wapanikizika. Masulani bandeji ngati yathina, pindani bondo pang'ono, ndipo dziwitsani dokotala tsiku lomwelo.

Zosayenera kudikira tsiku lokaonedwanso ndi dokotala

Ulusi kapena timawaya ta pabala timachotsedwa pakati pa masiku 10 ndi 14, ndipo dokotala amakuonaninso pa masabata pafupifupi 6. Musadikire tsikulo ngati bondo laima malo amodzi. Likakhala pansi pa madigiri 90 pa sabata ya 4, osasuntha kwa masabata awiri ngakhale mukuchita mafizo, kapena likutsalabe madigiri 10 kuti liwongoke, uzani a fizo ndi dokotala. Zipsera za mkati zimalimba mofulumira. Dokotala amatha kukugonetsani n'kupinda bondolo ndi manja kuti zipserazo zimasuke, popanda kung'ambanso, koma njirayi imagwira bwino isanakwane miyezi 3.

Nenaninso ngati bondo likugwada lokha mobwerezabwereza patatha masabata 6, ngati mukumva ngati likusuntha chammbali potsika masitepe, kapena ngati pa miyezi 3 ululu sukuchepa ndipo simukutha kutsika sitepe imodzi popanda kudzikoka ndi manja awiri. Popita kukaonedwa tengani kope lija la miyezo ya kutupa, mphindi zomwe mukuyenda pa tsiku, ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa.

Ngakhale patapita zaka, tizilombo tochokera pa dzino lotupa, chilonda cha kuphazi, chithupsa kapena matenda a m'chikhodzodzo timatha kuyenda m'magazi n'kukakhazikika pachitsulo. Matenda oterewa muzichizitsa msanga, ndipo muziuza aliyense wokuthandizani kuchipatala kuti muli ndi bondo loikidwa. Bondo lomwe linali bwinobwino likadzatupa, kutentha ndi kuwawa mwadzidzidzi popanda kugwa, lionedwe ndi dokotala wa mafupa musanamwe mankhwala alionse opha tizilombo.